Mafunso ndi mayankho a rivishoni: pulura, puresha yake ndi momwe phapo limafwafwazikira

Anzanga a chaka chachiwiri, pepala la fiziyoloje ndi Lachinayi lomweli ndiye ndasonkhanitsa mafunso omwe tinakambirana ku gulu Loweruka aja, ena ndawonjezera ndekha. Muziyamba mwayankha nokha musanaone yankho, apo ayi mukungodzinamiza.

Funso 1. Pulura ndi chani ndipo ili ndi zigawo zingati?

Ndi kachikopa kopyapyala konyowa komwe kamakuta mapapo komanso kuyala mkati mwa chifuwa. Zigawo ndi ziwiri. Ya visero imamatirira pa phapo penipenipo mpaka kulowa m'ming'alu ya pakati pa malobu, ya pariyeto imayala kunthiti, pamwamba pa dayafulamu komanso mbali ya mediyasitinamu. Ziwirizi ndi chikopa chimodzi chomwe chapindika pa hilamu, pomwe bulonkasi ndi mitsempha ya magazi zimalowera m'phapo. Tengani jumbo yomanga kukamwa muikankhe ndi chibakera, mbali yakhudza dzanja ndi visero, yakunjayo ndi pariyeto, ndipo dzanja lanulo silinalowe mkati mwa jumbo ayi. Phapo nalonso silikhala mkati mwa mpata wa pulura, limangokutidwa.

Funso 2. Mu mpata wa pulura muli chani?

Timadzi pang'ono basi, pafupifupi 10 mpaka 20 ml, mpweya mulibe. Timadziti timapangitsa zigawo ziwirizi kuterereka popanda kukhulana komanso kugwirana zisasiyane, ngati mbale ziwiri zonyowa mukamatsuka zija, zimatsetsereka bwinobwino koma kuti muzilekanitse mpaka mulowetse chala.

Funso 3. Nchifukwa chani matenda a pulura amapweteka munthu akamapuma, nanga ululu wa paphewa umabwera bwanji?

Ululu umachokera ku pariyeto, ya visero simva kuwawa kotere. Mbali ya kunthiti imalandira manevi a intakosito ndiye wodwala amaloza ndi chala malo enieni akumubayawo. Chigawo chapakati cha dayafulamu komanso mbali ya mediyasitinamu zimalandira nevi ya fureniki yochokera C3, C4, C5, ndiye ubongo umatanthauzira kuti vuto lili paphewa chifukwa khungu la paphewa limalandiranso manevi a C3 ndi C4.

Funso 4. Puresha ya mu pulura ndi zingati ndipo nchifukwa chani ili negetivi?

Ili ndiye funso lenileni, mukalimvetsa ena onsewa mutha kuwayankha ngakhale simunaloweze. Munthu akangomaliza kutulutsa mpweya mwachizolowezi imakhala pafupifupi −5 cmH2O, akamaliza kukoka mpweya imatsika kufika cha m'ma −8 cmH2O. Negetivi apa zikungotanthauza kuti ndi yochepera puresha ya mpweya wakunja yomwe timaitenga ngati 0.

Chifukwa chake ndi kukokana. Phapo lili ngati labala, nthawi zonse limafuna kubwerera mkati chifukwa cha ulusi wake wotamuka komanso kukokana kwa timadzi ta m'maalivoli. Khoma la chifuwa nalo limafuna kufutukukira kunja. Wina akukokera uku wina uko, pakati pali kampata kotsekeka komwe mpweya sungalowe, ndiye puresha ya pakatipo imatsika. Ndiye musakalembe kuti mumpatamo muli chinthu chomwe chimayamwa mpweya, ine ndinalemba choncho pa tesiti ya mwezi watha ndipo ndinapeza ziro pa mamalikisi 4.

Funso 5. Werengetsani puresha yomwe imagwira phapo kuti likhale lofutukuka ngati ya m'maalivoli ndi 0 ndipo ya mu pulura ndi −5 cmH2O.

Ptp = Palv − Ppl
Ptp = 0 − (−5) = +5 cmH2O

Samalani ndi ma mainasi awiriwo. Yankho likabwera 0 ndiye kuti palibe chikugwira phapo, lifwafwazika.

Funso 6. Kodi puresha imeneyi ndi yofanana paliponse?

Ayi. Munthu ataimirira, kunsonga kwa phapo imakhala cha m'ma −10, kunsi cha m'ma −2.5 cmH2O, chifukwa cha kulemera kwa phapo lomwelo. Maalivoli a kumtunda amakhala otambasuka kale, a kunsi ndi omwe amalandira mpweya wambiri pokoka.

Funso 7. Mnyamata wa kabaza wabayidwa ndi mpeni kumanja kwa chifuwa. Fotokozani momwe phapo lifwafwazikire.

Bala latsegula njira kuchokera panja kukafika mu mpata wa pulura. Mpweya umayenda kuchoka pa puresha yokwera kupita pa yotsika, ndiye uchoka pa 0 kulowa pomwe pali −5 mpaka zifanane. Zikafanana Ptp yafika 0, phapo latsala lokha ndi khalidwe lake lija lobwerera mkati, basi limakhwinyatira ku hilamu pomwe khoma la chifuwa mbali imeneyo limafutukuka pang'ono. Iyi ndiye nyumothorakisi. Phapo la kumanzere limapitiliza ntchito chifukwa mbali iliyonse ili ndi thumba lake la pulura.

Funso 8. Tchulani mitundu ya nyumothorakisi.

Yongobwera yokha mwa munthu wopanda matenda a mapapo, kawirikawiri mnyamata wamtali wowonda wosuta fodya, katuza ka kunsonga kwa phapo kakaphulika. Yobwera chifukwa cha matenda omwe analipo kale monga chifuwa chachikulu, mphumu, COPD kapena chibayo cha PCP mwa anthu omwe ali ndi HIV, ndipo kwathu kuno ziwiri za TB ndi PCP musaziiwale. Ya ngozi, monga kubayidwa kapena nthiti yothyoka kuboola phapo. Yomaliza ndi yoyambitsa ife tomwe a chipatala, pochotsa madzi m'chifuwa ndi singano, poika laini pa mtsempha wa m'khosi kapena wodwala ali pa ventileta.

Funso 9. Ya tenishoni imasiyana bwanji ndi inayi, mungaizindikire bwanji?

Apa bala limakhala ngati valavu ya chubu cha njinga, mpweya ukulowa koma osatuluka. Puresha imadutsa 0 kukhala pozitivi, imakankha mediyasitinamu kupita mbali inayo ndi kufinya mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi ku mtima, magazi obwerera amachepa, BP imagwa. Wodwala amabanika kwambiri, mtima kuthamanga, mitsempha ya m'khosi kutupa, mukagogoda mbali yovulalayo imalira ngati ng'oma, pa sitetosikopu zii, ndipo tirakeya imakhotera mbali yabwinoyo ngakhale chizindikiro ichi chimachedwa kuoneka.

Osadikira ekisire. Bayani kanyula yaikulu pa mpata wachiwiri wa nthiti pa mzere wa pakati pa kilaviko, kapena mwa akuluakulu pa mpata wa 4 kapena 5 kutsogolo pang'ono kwa mzere wa pakati pa khwapa, kenako muike chubu cha m'chifuwa.

Funso 10. Singano kapena chubu chimadutsa pati pa nthiti, nanga botolo la madzi ntchito yake ndi chani?

Pamwamba pa nthiti ya m'munsi, chifukwa veni, atari ndi nevi zimayenda kunsi kwa nthiti iliyonse. Nsonga ya chubu imamira m'madzi pafupifupi 2 cm kuti mpweya uzituluka ngati thovu koma usabwerere. Botolo lizikhala pansi kuposa chifuwa cha wodwala, ndipo muziwauza ma gadiyani, ku wodi ndinapeza mayi wina atalinyamula kuliika pa bedi ati likhoza kugundidwa pansipo, madzi aja akanabwerera m'chifuwa mwa mwana wawo.

Funso 11. Phapo lingafwafwazike mpweya usanalowe mu pulura?

Eya. Bulonkasi ikatsekeka ndi makhololo, chotupa kapena mtedza womwe mwana wameza molakwika, mpweya wotsala kuseri kwa chotsekacho umatengedwa ndi magazi pang'onopang'ono mpaka maalivoli aphwe. Iyi ndi atelekitasisi, ndipo apa tirakeya imakokeredwa mbali yodwalayo, mosiyana ndi ya tenishoni yomwe imaikankhira kutali. Madzi, magazi kapena mafinya ochuluka mu pulura nawonso amafinya phapo, koma pamenepo mukagogoda pamamveka thi thi ngati ntchafu, osati ng'oma.