Ndondomeko ya Amayi yoyenda m'mawa: masabata 8 oyamba

Amayi, ndalemba izi kuti zimene tinakambirana pafoni zisaiwalike. Mdzukulu wanu akuwerengereni pang'onopang'ono, pamene simunamve abwereze.

Kuchipatala anena kuti ndi nyamakazi ya bondo lakumanzere, ndipo sinafike poipa. Inu mwakhala mukuti bondo likufuna kupuma, n'kumangoswera pamkeka pakhonde. Pamenepo ndiye sindikuvomerezani. Kunsonga kwa mafupa a m'bondo kuli kachikuto koterera kamene kamathandiza kuti mafupa asakhulane. Kachikutoka kalibe mitsempha ya magazi, chakudya chake kamachipeza m'madzi a m'bondomo, ndipo madziwo amazungulira bondo likamapindika ndi kuwongoka. Komanso mukangokhala, minofu ya ntchafu imafooka, katundu yense wa thupi n'kutsalira bondo lokha. N'chifukwa chake mukakhalitsa pansi, kudzuka kumavuta kuposa kuyenda kwenikweniko.

Muzituluka kukangoyera, cha m'ma 5:30, dzuwa lisanakwere. Dzuwa la Mangochi mu Okutobala ndi Novembala mukulidziwa nokha, ikamakwana 8 koloko nthaka yatentha kale. Mu Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba, bondo limauma kwambiri m'mawa, ndiye dikirani mpaka cha m'ma 7. Imwani kapu ya madzi musanatuluke, ina mukabwerako.

Musanyamuke ndi bondo lozizira. Khalani pampando, osati pamkeka, muwongole mwendo umodzi, muwerenge mpaka 5, muutsitse. Kakhumi mwendo uliwonse. Kenako imirirani ndi kukhalanso pampandopo kasanu, mosadziponya. Masiku oyamba gwirirani ndi manja, palibe cholakwika. Bondo likauma kwambiri, likuteni ndi kansalu konyika m'madzi ofunda kwa mphindi 10.

Njira yake ndi iyi: kuchokera pakhomo, kudutsa pamjigo, kutsata mpanda wa sukulu mpaka pamlambe paja, n'kubwerera. Ndasankha imeneyi dala chifukwa ndi yosalala, dothi lake ndi lolimba, ndiponso pali malo okhala mukatopa. Ndikudziwa kuti mtima wanu uli kudooko, kumene kuli anzanu ogula usipa, koma kumeneko ayi pakadali pano. Mumchenga phazi limatitimira ndi kupendekeka, bondo n'kumapotokola pa sitepe iliyonse. Anthu amaganiza kuti mchenga ndi wabwino poti ndi wofewa, koma kwa bondo ngati lanu ndi ntchito yowirikiza. Ndipo m'mbali mwa Shire kum'bandakucha si malo a munthu amene sangathamange, mvuu ndi ng'ona zilipo. Msewu watala wopita ku Monkey Bay nawo upeweni. Njinga zamoto ndi akabaza sapatsa munthu mpata. Mukakakamizika kudutsako, yendani kumanja kwa msewu kuti galimoto zobwera muziziona kutsogolo.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri muyende mphindi 10 zokha, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu: zisanu kupita, zisanu kubwerera. Pamlambe simufika, ndipo musayese. Mudzaona ngati zachepa, makamaka tsiku limene bondo ladzuka bwino, ndipo tsiku lotero ndi limene anthu amadzipweteka, amayenda ola lathunthu kenako n'kugona masiku atatu.

Sabata yachitatu ndi yachinayi zikhale mphindi 15, muwonjezere Loweruka. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, mphindi 20, masiku asanu pa sabata. Masabata awiri omaliza muyambe ndi 25, bondo likalola mufike 30. Mphindi 30 kasanu pa sabata zikukwana 150, zimene a bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amalimbikitsa kwa akuluakulu. Koma si mayeso a kusukulu. Mukafika pa 20 n'kuona kuti mpamene thupi likukwanitsa, khalani pomwepo mwezi wina. Muthanso kuzigawa, 15 m'mawa, 15 madzulo dzuwa litapendeka, bola mubwerere kusanade ndi udzudzu usanayambe.

Liwiro lake ndi loti mutha kucheza ndi amene mwatsagana naye popanda kubanika. Mphindi zitatu zoyamba ndi zitatu zomaliza muziyenda mwachifatse. Masitepe akhale aafupi. Amayi a kuseri aja anati akufuna kumayenda nawo. Avomereni, kuyenda awiri n'kwabwino, koma asakukokeni pa liwiro lawo.

Tsopano nkhani ya ululu, imene ili yofunika kuposa manambala onsewa. Bondo kunyung'unya pang'ono poyenda si chizindikiro choti likuwonongeka, pitirizani. Ululu wobaya, kapena woti mwayamba kutsimphina, imani, khalani pansi, mubwerere kunyumba pang'onopang'ono. Woweruza weniweni ndi m'mawa wotsatira. Mukadzuka bondo lili monga mwa masiku onse, ndiye kuti dzulo munayenda mlingo woyenera. Mukadzuka litatupa kapena likuwawa kuposa kale, kapena ululu unakhala maola opitirira awiri mutabwerako, munapyola. Pumulani tsiku limodzi, ikanipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira mwendo mutautsamiritsa pamwamba, kenako mubwerere ku mphindi za sabata yapitayo. Kubwerera m'mbuyo, osati kusiya.

Mapatapata aja asiyeni akhale osambira. Valani nsapato zatenesi zomanga zingwe ndinakutumizirani zija, ndipo chitenje chikwezeni chisamakwekwere pansi. Ndodo muigwire kudzanja lamanja. Ambiri amalakwitsa apa, amaigwirira mbali ya bondo lodwala. Iyenera kukhala mbali ina, ndipo izipita kutsogolo pamodzi ndi mwendo wakumanzere. Kutalika kwake, mukaima chilili manja ali pansi, ifike pamfundo ya dzanja. Malume aidule ngati yatalika, ndipo kunsi aikeko mphira. Pamasitepe a pakhonde ndi a kutchalitchi, pokwera tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wodwala.

Kupita kumjigo ndi ndowa pamutu sitikuwerengera ngati kuyenda kwa ndondomekoyi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo onsewo amathera m'mabondo. Ana alipo, atunge.

Za mankhwala: Panado mutha kumwa monga anakuuzirani kuchipatala. Koma Brufen ndi Indocid zogula pagolosale musazizolowere, makamaka inu amene mumamwa mankhwala a BP. Zimatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kukweza BP ndi kuvulaza impso. Ndiponso musamwe mankhwala n'cholinga choti muphe ululu kuti muyende mtunda wautali.

Chimodzi mwa izi chikachitika, musadikire kuti ndiimbe foni, pitani kuchipatala tsiku lomwelo: bondo latupa mwadzidzidzi, likutentha, thupi nalo latentha, bondo lakanirira, silikupindika kapena kuwongoka, mwendo ukufooka mpaka kufuna kukugwetsani, katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo akuwawa. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika muli m'njira, khalani pansi pomwepo, mutume munthu akatenge thandizo, musayese kudzilimbitsa kuti mukafike kunyumba.

Mdzukulu wanu azichonga pakalendala tsiku lililonse mwayenda, alembe mphindi zake, ndipo pambali pake alembe "bwino" kapena "lawawa" malinga ndi mmene mwadzukira mawa lake. Mvula ikayamba mu Disembala njira ya kumpanda wa sukulu imaterera. Masiku amenewo muziyenda pakhonde, uku ndi uku, mphindi zomwezo.