Mawu a vidiyo ya sola, ndawakonza

A Zuze mwaswera bwanji. Mawu a vidiyo aja ndamaliza ali m'munsimu, koma musadabwe tsamba lanu loyamba lija latsala mizere iwiri basi. Palibe chomwe munalakwitsa, kungoti munalembera matekiniko anzanu, pomwe vidiyoyi ikukaonetsedwa pa loja ku Ulongwe ndi pa msika wa Domwe komanso anthu azitumizirana pa foni, woonera wake ndi mayi wogulitsa kachewere amene mafunso ake ndi akuti chiyatsa chani, mpaka nthawi yanji, ndilipira zingati, chikafa ndipita kwa ndani. Za fotovolitaiki, MPPT, LiFePO4 ndachotsa zonse, izo zikhale pa pepala la m'katoni.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa batire. Inu munalemba 12.8 V ndi 12 Ah ndiye mwamaliza, kwa inu nkhani yatha, koma ngakhale mlamu wanga amene amaphunzitsa ku sekondale sangadziwe ngati mpira auonera mpaka kutha. Ndiye ndinawerengetsa, 12.8 kuchulukitsa ndi 12 ikutuluka 154 Wh pafupifupi, mababu anayi a 2 W lililonse ndi TV ya 15 W pamodzi ndi 23 W, pa pepala ndi maola 6 ndi kupitirira pang'ono. Ine ndalemba maola 5, chifukwa batire silitulutsa zonse komanso pakhomo sipalephera wina kulumikiza foni. A shefi akufuna tinene kuti "usiku onse" ati zikumveka bwino, ine ndakana, kufewetsa mawu sikutanthauza kuti tiwonjezere maola omwe kulibe, ndipo wolandira madandaulo pa kauntala si iwo.

Nayi yatsopano:

(Kamera pa nyumba madzulo, mwana akulemba, kenako babu likuyaka)
"Sola iyi imayatsa mababu anayi, imatchaja mafoni, komanso imayendetsa TV yomwe imabwera nayo. Dzuwa likawala tsiku lonse, madzulo mababu onse ndi TV zimayaka pafupifupi maola 5. Mukazimitsa TV mababu amakhalitsa kwambiri."

(Tekiniko ali padenga)
"Galasi la sola liikeni poti dzuwa lizilimenya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, lipendekere kumpoto, pasakhale mthunzi wa mtengo ngakhale pa kona. Likachita fumbi lipukuteni ndi kansalu konyowa m'mawa lisanatenthe. Tsiku la mitambo kapena la mvula moto umalowa wochepa, ndiye tsiku limenelo yambani ndi mababu, TV pambuyo."

(Dzanja likuloza bokosi)
"Batire lili m'bokosi ili. Likhale m'nyumba pouma, kutali ndi moto. Likatsala pang'ono kutha limazima lokha kuti lisawonongeke, sikuti lafa ayi. Musalitsegule, musalumikizepo ayironi, ketulo kapena batire la njinga yamoto."

(Mayi ali ndi foni)
"Kulipira kwake ndi kwa pang'onopang'ono, pa M-Pesa kapena e-Mola. Mukalipira mumalandira uthenga wa manambala, mumawalemba pa mabatani a bokosi ngati mmene amachitira a Credelec. Masiku omwe munalipira akatha sola imatseka, mukalipiranso imatseguka. Mukamaliza ngongole yonse imakhala yanu, simulipiranso."

(Pa loja)
"Ikavuta pasanathe zaka 2 bwerani ndi risiti, tikonza kapena kusintha ulele, bola bokosi lisakhale lotsegulidwa."

Mbali ya kutseka ija poyamba inabisala m'mawu aatali a Chipwitikizi omwe ngakhale ine ndinachita kubwereza kuti ndimve, ndaitulutsira poyera dala. Munthu adziwiretu asanapereke ma metikali ake, osati adzadzidzimuke ali mumdima ana akudya. Za Credelec ndikudziwa kuti kumudzi kwenikweni uko monga mbali za Tsangano ambiri sanaigwiritsepo, nchifukwa chake pomwepo kamera ionetse chala chikudina nambala imodzi imodzi mpaka kanyali kobiriwira kayake, osafulumiza.

Kumpoto kujanso, ena sazolowera kunena choncho, ndiye mnyamata wa padenga aloze ndi dzanja. Mtengo sindinauike m'mawu chifukwa umasinthasintha, ulembedwe pa sikirini kumapeto kuti ukasintha tisajambulenso zonse.

Chomwe ndikupempha kwa inu, muone ngati pofewetsa sindinapotoze china, makamaka maola 5 aja ndi nkhani ya garantiya ngati zaka 2 zikukhudzanso TV kapena bokosi ndi galasi zokha. Mukavomera ndiwerengera alonda athu ndi amayi ophika pa geti paja kamodzi kokha, kenako ndiwafunse kuti abwereze zomwe amva, pomwe akakamire ndikonzanso. Wowerenga mawu abwera Lachinayi m'mawa ndiye mundiyankhe lisanafike Lachitatu madzulo chonde.