Kalata kwa makolo onse: za thumba la mayeso a temu ino

Makolo athu ndi onse olera ana,

Takupatsani moni nonse, tikhulupirira kunyumbako muli bwino. Kalatayi tapatsa mwana aliyense wa Sitandade 5 mpaka 8 komanso taiponya pa gulupu ya makolo, poti tikudziwa makalata ena amathera m'chikwama limodzi ndi mango. Amene mwaiona pafoni chonde muwawerengereko anzanu oyandikana nawo, makamaka agogo amene akulera zidzukulu.

Nkhani yake ndi ya mayeso otsekera temu. Tikupempha thandizo la ndalama kuti mayesowa tiwasindikize papepala, mwana aliyense akhale ndi lake. Tinene poyambirira pomwe kuti ili ndi pempho, si fizi ayi. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994 ndipo ife sitingasinthe zimenezo. Komanso ndalamayi sikukhudzana ndi a MANEB, ndi ya mayeso athu a pasukulu pano basi.

Ena afunsa kuti bwanji osangolemba pabolodi ngati kale, funso labwino ndithu. Amene munabwerapo nthawi ya mayeso munaona nokha. Mu Sitandade 6 muli ana opitirira 100, mphunzitsi amalemba mafunso khumi bolodi ladzaza, kenako ayenera kufufuta kuti alembe ena, mwana amene wakhala kumbuyo uja akadali pa funso lachinayi akutsinzinira kuti aone chifukwa bolodi lathu linayera kale ndi choko, ndiye mafunso afufutidwa iye asanakopere. Mwana oteroyo amalephera koma zinthuzo amazidziwa. Mapu a Malawi kapena chithunzi cha duwa cha sayansi, pabolodi zimatuluka mmene dzanja la mphunzitsi lathera. Chomwe chimatiwawa kwambiri ndi ana a Sitandade 8. Mayeso a PSLCE amabwera osindikizidwa, mafunso ambiri osankha A, B, C, D, ndiye mwana amene sanagwirepo pepala lotere amayamba wanjenjemera kaye, ena amadumpha tsamba lonse lakumbuyo osadziwa kuti kuli mafunso. Tinaziona pa moko chaka chatha, mtsikana wanzeru bwinobwino kusiya mafunso 15 osayankha chifukwa sanatembenuze pepala. Sitikufuna mwana akaphunzire kutembenuza pepala tsiku la MANEB.

Masamu ake ndi awa, kuti pasakhale kunong'ona. Ana a Sitandade 5 mpaka 8 alipo 400. Aliyense alemba mayeso 6 ndipo mayeso aliwonse amadya mapepala awiri, onse pamodzi mapepala 4,800, ndiye tikufunika malimu 10. Titafunsa mitengo ku Mangochi boma sabata yatha limu imodzi anatiuza K14,000, yonse K140,000. Kufotokopa ndi K50 pepala tikabweretsa mapepala athu, imeneyo ndi K240,000. Kutayipa K24,000, thiransipoti ya amene apite kuboma maulendo awiri K16,000. Zonse zikukwana K420,000. Ndalama ya SIG imene boma limatipatsa tinagulira choko, marejisita ndi kukonzera chimbudzi cha atsikana chimene chinagwa ndi mvula ija, munachiona, palibe yotsala.

Titakhala pansi ndi a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a Mother Group tinagwirizana kupempha K1,500 pa mwana. Amene mwagawa kale mwaona kuti ikanakhala K1,050 aliyense akanapereka. Sitikubisirani, taikwezako dala chifukwa tikudziwa kuti si onse angathe, ndipo ana 280 okha akaperekeredwa ndiye kuti ana onse 400 alemba papepala. Khomo limene lili ndi ana atatu kapena kuposa m'makalasi amenewa lingoperekera awiri.

Tsopano tilankhule ndi inu amene mwawerenga K1,500 ija mtima n'kugunda. Tikukhala nanu m'mudzi momwemu, tikudziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wanji. Chimanga chakumunda sichinache, pamsika chakwera, kunyanja ena akubwerako ndi kabeseni ka usipa kosakwana ndi ndiwo zomwe, ndipo kuli makomo amene bambo anapita ku Joni koma foni inasiya kulira. Ngati zili choncho kwanu, mwana wanu alemba mayeso ngati wina aliyense, pepala lomwelo, tsiku lomwelo, ndipo lipoti lake alandira. Palibe mwana abwezedwe pageti. Palibe mphunzitsi awerenge maina m'kalasi kapena pa asembule kuti uje ndi uje sanapereke, aphunzitsi onse tawauza ndipo wina akachita zimenezo mubwere mudzandiuze ine.

Chonde musakatenge katapila chifukwa cha kalatayi, musagulitse kambuzi kapena ufa wa mawa. Ndipo chachikulu, mwana asajombe chifukwa cha manyazi kapena kupita kukakoka nawo makoka kuti apeze ya mayeso, tikamutaya sabata imodzi panopa tataya zambiri kuposa K1,500. Muli ndi K500 bweretsani yomweyo, muli ndi K200 nayonso ndi mapepala anayi ofotokopa amenewo, mukhoza kumaperekanso pang'onopang'ono. Mulibiretu, palibe mlandu ndipo simukuyenera kufotokoza chifukwa. Mukafuna kutidziwitsa mungonong'oneza mayi mmodzi wa Mother Group wa m'mudzi mwanu kapena mudzandipeze ku ofesi, zithera pomwepo. Pali makolo ena anatiuza pa msonkhano wathawu kuti ndalama alibe koma safuna kungokhala, amenewo tidzasangalala kuwaona tsiku lomanga mapepala ndi sitepula, ntchito ilipo yambiri, koma ndi kufuna kwanu, si malipiro a ngongole.

Kwa inu amene Mulungu wakudalitsaniko chaka chino, a mashopu, eni maboti, a kabaza amene zikuyenda, ngakhale achibale amene ali kunja ndipo ali pa gulupu pano, mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mukaonjezera ya mwana mmodzi kapena awiri, kapena kungogula limu n'kutitumizira, mwatipepuza kwambiri. Sitidzakuuzani kuti mwalipirira mwana wa ndani ndipo nayenso sadzadziwa, bola alembe.

Kaperekedwe kake, ndalama azilandira ndi msungichuma wa komiti ya sukulu, osati aphunzitsi. Azikhala pa khonde la ofesi Lolemba ndi Lachitatu kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa. Aliyense alandire lisiti ngakhale wapereka K100, musachoke opanda lisiti. Ngati n'kotheka bwerani nokha kapena tumani wamkulu, ndalama ya m'thumba la mwana imakumana ndi zitumbuwa panjira. Amene muli kutali ndipo mukufuna kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, yambani mwalankhula ndi msungichumayo pa nambala yake imene ili kale pa gulupu, musatumize ku nambala ina iliyonse ngakhale wina atakuimbirani kuti ndi wa kusukulu. Tikupempha kuti zonse zikhale zitafika pa 10 Malichi kuti otayipa ayambe nthawi ilipo, magetsi kubomako sitingawadalire tsiku lomaliza.

Mayeso akatha tidzamata pakhoma la ofesi ndalama zonse zimene zinalowa, zimene zatuluka ndi malisiti a kushopu, popanda maina a opereka. Ikatsala isungidwa ya temu yamawa, ikaperewera tiyamba kusindikiza a Sitandade 8 ndi 7, enawo tiona pamodzi. Tidzakhalanso ndi msonkhano Loweruka likudzali 9 koloko m'mawa pansi pa mtengo wa mango uja, tasankha Loweruka kuti tisasokoneze Juma kapena tchalitchi cha Lamulungu, a Sabata mutikhululukire ndipo tidzakufotokozerani Lolemba. Padzakhala wofotokoza m'Chiyao, ndipo amene muli ndi maganizo ena pa nkhaniyi, ngakhale otsutsa, bwerani mudzanene.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu,
m'malo mwa aphunzitsi, komiti ya sukulu ndi PTA