Malume a ku Makanjira

Chisomo anapeza agogo ake aakazi kuseri kwa nyumba ku Malindi, akuyanika usipa pathandala.

"Agogo, aphunzitsi akuti tilembe mtundu wathu. Ndilembe chiyani?"

Agogo anamwaza usipa ndi dzanja. "Wowunjikana suuma, umaola. Mwaza, usasanjikize." Kenako anati, "Ine ndine Myao wa ku Makanjira. Malemu agogo ako aamuna anali Angoni a ku Ntcheu."

"Nanga munakumana bwanji?"

"Mu 1974 anabwera ndi matumba awiri a mbatatesi kudzasinthitsa ndi chambo chouma. Moni wanga ankangouyankha ndi mutu, Chiyao sankachimva. Abale awo anafuna kundilowola ndi ng'ombe. Malume anga anakana, amvekere mwana wa mlongo wawo sachoka pamudzi, mkamwini ndiye amabwera kudzamanga. Ankhoswe anakambirana miyezi itatu."

"Anapambana ndani?"

"Tinamanga kuno, kufupi ndi ntchito yawo ya pachipatala. Amalume ako anavinidwa jando, koma pamaliro a bambo awo anavina ngoma, chishango kumanja."

Chisomo anatsegula kope lake. "Mzere wake ndi umodzi wokha, agogo."

"Lemba zing'onozing'ono, zonse zikwana. Ukatha ubwere, usipawu ufunika kutembenuza."