MADZI AWA NDI AKUMWA KAPENA AYI? CHIONETSERO CHA SAYANSI CHA OPHUNZIRA A FOMU 3

Lachisanu, pa 21 Malichi 2025
Kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana
M'holo ya pasukulu yathu ya sekondale, kuno ku Chikwawa
Kulowa n'kwaulere

Makolo, mafumu athu, a komiti za mijigo, aphunzitsi ndi ana a m'sukulu zapulaimale zotizungulira, nonse tikukuitanani. Loweruka pa 22 Malichi ndi tsiku loganizira za madzi padziko lonse, ndiye ife tati tiyambiretu Lachisanu.

Bwerani ndi botolo la madzi amene mumamwa kwanu. Akhale a pamjigo, a pachitsime, a mu Shire kapena a padambo, bwerani nawo basi.

PAKHOMO: MATAMBULA AWIRI

Mukangolowa mupeza matambula awiri pathebulo. Ina muli madzi a mbuu, ina muli oyera mbee. Tidzakufunsani kuti mungamwe iti. Aliyense amaloza oyerawo. Koma madzi onsewo tatunga pa dziwe limodzi lomwe ng'ombe zimamwerapo, ndipo oyerawo tangowasefa, sitinawaphere tizilombo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kachilombo ka kolera n'kakang'ono moti tizilombo 500 titandondozana tingangokwana milimita imodzi ya pa lula yanu. Diso silingakaone, ndipo mchenga sungakagwire konse. Choncho kuyeretsa madzi ndi ntchito ziwiri zosiyana: kuchotsa matope, ndi kupha tizilombo. Mukachita yoyamba yokha, mwangowasambitsa madziwo kumaso. Matebulo athu tawayala motsata ntchito ziwirizi.

Sitikunena nkhani yakutali. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira dziko lonse, n'kupha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha mliriwo. Kenaka mu Malichi chaka chomwecho kunabwera namondwe wa Freddy, zimbudzi n'kusefukira, madzi ake n'kulowa m'zitsime. Ife a kuchigwa kuno sitichita kuuzidwa.

GAWO LOYAMBA: KUCHOTSA MATOPE

Thebulo 1. Kudikhitsa ndi mitsuko itatu

Njira ya agogo. Madzi atsopano amalowa mu mtsuko woyamba n'kugona. M'mawa mwake mumatsanulira apamwamba mu wachiwiri, mkuja mu wachitatu. Matope amatsalira pansi. Madzi akakhala masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa tokha chifukwa sitipirira kunja kwa nkhono kapena thupi la munthu. Ta kolera ndi ta tayifodi tambiri timakhala tilipobe.

Thebulo 2. Chitenje

Chitenje chakale chochapa bwino, chopinda kanayi, mumange pakamwa pa ndowa. Chakale n'chimene chimagwira bwino kuposa chatsopano, chifukwa ulusi wake unafewa ndipo timipata tinachepa. Musachiderere. Ku Bangladesh, gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi mayi Rita Colwell linaphunzitsa amayi a m'midzi kusefa madzi ndi nsalu zawo zovala zopinda kanayi, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2003 zinaonetsa kuti odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka. Chinsinsi chake n'choti tizilombo ta kolera timakonda kukakamira pa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo nsalu ikagwira tinyamato imagwiranso ndi alendo ake. Theka linalo? N'chifukwa chake pali gawo lachiwiri.

Thebulo 3. Njere za chammwamba

Apa ndiye mudzachedwepo. Mtengo umene ambirife timangothyolako masamba a ndiwo uli ndi ntchito ina. Timatenga njere zouma, kuchotsa khungu, kusinja za m'kati zoyerazo mpaka zikhale ufa, n'kusungunula m'kamadzi koyera pang'ono. Njere imodzi imakwanira pafupifupi lita imodzi ya madzi amatope. Tikathira, timavundula mwamphamvu kwa mphindi imodzi, kenaka pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu, n'kuzisiya osagwedeza.

Mudzayang'ane m'botolo chapafupi. Poyamba simuona kanthu. Kenaka timibulu ta matope timayamba kuoneka ngati mkaka ukamasasa, n'kumatsika. Pakatha ola limodzi kapena awiri, pamwamba payera.

Chimachitika n'chiyani? Tinthu ta dongo ta m'madzi tili ndi mphamvu ya magetsi yofanana, ndiye timakankhana, osagwirana, osamira. Mu njere ya chammwamba muli mapuloteni a mphamvu yosiyana nayo. Amakoka dongolo, tinthuto timagwirana, timalemera, timamira. Ndi ntchito yomweyo imene alamu amagwira kumalo oyeretsera madzi a m'mipope, monga madzi a mu Shire amene amapopedwa ku Walker's Ferry kupita ku Blantyre. Ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayesa njere zomwezi pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo, zinagwira.

Chenjezo: musachulutse ufa, ndipo madzi ake musawasunge mpaka mawa osawaphera tizilombo. Ufa wotsalira ndi chakudya cha tizilombo. Botolo lathu lina tinaliiwala m'kalasi Lachisanu, Lolemba fungo lake linatithamangitsa.

Thebulo 4. Sefa ya mchenga, makala ndi miyala

Botolo lalikulu lodula kumatako n'kulizondotsa: kansalu pakamwa, timiyala, makala osinja, mchenga wokhakhala, mchenga wosalala pamwamba. Mchenga umagwira zinyalala, makala amachepetsa fungo ndi kakomedwe koipa. Tsukani zonse musanaike. Ife ulendo woyamba sitinatsuke makala, madzi anatuluka akuda bii kuposa mmene analowera.

Sefa iyi imasangalatsa kuionera, ana amaikonda, ndipo pa zionetsero zambiri ndi imene imawomberedwa m'manja. Ife tikunena poyera: madzi otuluka apa SIAKUMWA. Tambula yoyera ya pakhomo ija yachokera pano.

GAWO LACHIWIRI: KUPHA TIZILOMBO

Thebulo 5. Kuwiritsa

Palibe njira yoposa iyi pakupha tizilombo. Madzi awire mpaka kugaduka, osati kungotulutsa timathovu pansi pa poto, ndipo agaduke kwa mphindi imodzi yathunthu. Pamwamba pa mapiri ataliatali, ngati kunsonga za Mulanje, pamafunika mphindi zitatu chifukwa kumeneko madzi amawira asanafike madigiri 100. Azizirire m'poto momwemo, movundikira. Vuto lake amayi mukulidziwa kale: nkhuni ndi makala. Tidzayeza pamaso panu makala amene mbaula imadya powiritsa malita asanu, inu mudzawerengere nokha ndalama zake pamwezi.

Thebulo 6. Klorini

Wotagadi: kachivindikiro kamodzi mu chigubu cha malita 20, gwedezani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Mphindi 30 zimenezo si mwambo chabe, ndi nthawi imene mankhwala akugwira ntchito. Ngati madzi ndi amatope, asefeni kaye, chifukwa klorini amathera pa matopewo tizilombo n'kupulumuka. Klorini wosungunula kale amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi ali ndi muyezo wakewake, tsatirani umene akuuzani. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu adzakhala pathebulo lino kuyambira 10 koloko kuyankha mafunso.

Ena amati madzi a klorini amanunkha ngati kuchipatala. Kafungo pang'ono n'kabwino, kakutanthauza kuti mankhwala akadalimo ndipo akulondera madziwo m'ndowa. Mwa njira zonse zili m'holo muno, ndi klorini yekha amene amapitiriza kuteteza madzi mutawasunga. Fungo likakhala lobaya m'mphuno, mwachulutsa.

Thebulo 7. Dzuwa

Dzuwa la ku Chikwawa timalidandaula tsiku ndi tsiku. Lero tiligwiritse ntchito. Tengani botolo lapulasitiki loonekera m'kati, losakandika, losaposa malita awiri, lokhala ndi chizindikiro cha PET kapena nambala 1 kunsi kwake. Chotsani chipepala, dzazani madzi oyera kale, tsekani, ligonekeni pa malata. Maola asanu ndi limodzi dzuwa likuswa mtengo. Kukakhala mitambo, masiku awiri. Kukamagwa mvula tsiku lonse, njirayi isiyeni. Kuwala kwina kwa dzuwa kumene maso sakuona, pamodzi ndi kutentha, kumawononga tizilombo.

Kuti mudziwe ngati madzi ayera mokwanira, imikani botolo pa mutu wankhani wa m'nyuzipepala n'kusuzumira kuchokera kukamwa. Mukawerenga zilembozo, pitirizani. Mukalephera, bwererani ku gawo loyamba. Thebulo ili lili panja, kuseri kwa holo.

THEBULO LAPADERA: MADZI AMCHERE

Mijigo ina ya kuchigwa kuno imatulutsa madzi amchere. Chitenje, chammwamba, klorini, dzuwa la m'botolo, zonsezi mchere sizikuudziwa. Kuwiritsa kumangowonjezera ukali wake, chifukwa madzi amachoka mchere n'kutsala. Njira ndi kutcheza: kuwiritsa, kugwira nthunzi, kuiziziritsa mu paipi kuti idonthe ngati madzi. Akuluakulu ena akadzaona zipangizo zathu adzaseka, chifukwa azizindikira. Inde, n'zomwezo. Kusiyana kwake n'koti zathuzi zikudontha madzi okhaokha. Tinenenso zoona: zimadontha pang'onopang'ono, sizingamwetse banja.

MUSANATULUKE: NDOWA YA PAKHONDE

Chionetsero chomaliza chilibe moto kapena mankhwala. Tidzapaka ufa wa choko chofiira m'manja mwa mwana mmodzi, n'kumupatsa kapu kuti atunge m'ndowa ya madzi owiritsa. Mudzaone ndowa yonse. Madzi ambiri amaipira pakhomo, atachoka pamjigo ali abwinobwino: zala m'ndowa, kapu yomwe wina wamwera, masamba oika pamwamba kuti asatayike panjira. Tidzaonetsa chigubu cha kukamwa kwakung'ono, ndowa ya kampopi, ndi njira ya makapu awiri, ina yotungira yokha, ina yomwera.

Pakhoma pafupi ndi khomo lotulukira tamata mapu amene tajambula potengera nkhani ya dokotala John Snow. Mu 1854, kolera itavuta ku London, iye analemba pamapu nyumba za omwalira n'kuona kuti zazungulira mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad. Akuluakulu a deralo anazula chogwirira cha mjigowo. Pambali pake pali mapu a midzi yathu, oonetsa mijigo, zitsime ndi zimbudzi zimene zayandikana nazo. Mafumu ndi a komiti, chonde mudzaime pamenepa.

ZOFUNIKA KUDZIWA

Madzi a pamatebulo onse ndi oonetsera. Musalawe, ndipo ana muwagwire dzanja pafupi ndi mbaula. Akumwa ali m'ndowa yabuluu ya kampopi pakhomo, othira klorini m'mawa womwewo.

Wina akayamba kutsekula m'mimba kwamadzimadzi, mupatseni Thanzi msanga n'kuthamangira naye kuchipatala akumwa m'njira. Thanzi akasowa: lita imodzi ya madzi otetezedwa, masipuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Tidzasakaniza limodzi nthawi ya 12 koloko.

Sukulu zobwera pagulu zidziwitse a hedi pofika Lachitatu pa 19 Malichi. Amene muli ndi mabotolo oonekera m'kati amene simukuwagwiritsa ntchito, tithandizeni, asiyeni ku ofesi. Banja lililonse lobwera ndi madzi akwawo lidzabwerera ndi njere khumi za chammwamba: zisanu zoyesera, zisanu zodzala.

Okonza: Kalabu ya Sayansi ya Fomu 3, mothandizidwa ndi aphunzitsi athu a kemisitiri ndi bayoloje