Kufunsa za ntchito ya kalaliki wa malipiro

Zikomo amayi,

Pepani kukulemberani musakundidziwa. Lolemba ndinaona chilengezo chanu pa LinkedIn, chakuti kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Makeni ikufuna kalaliki wa malipiro. Tsiku lotsekera silinalembedwe, n'chifukwa chake ndati ndiyambe ndafunsa ngati malowo akadalipo.

Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama, ndine membala wa ZICA ndipo ndalama za umembala za chaka chino ndinalipira kale. Kwa zaka 4 ndakhala ndikukonza malipiro a antchito 85 mwezi ndi mwezi pa Sage Pastel ndi Excel.

Pachilengezo munatsindika za misonkho, ndipo ntchito yanga yagona pamenepo. PAYE, NAPSA ndi NHIMA ndimatumiza lisanafike tsiku la 10 la mwezi wotsatira, kawirikawiri pa 7, chifukwa pa tsiku lomaliza makina amachedwa ndipo chilango sichimva zoti netiweki inavuta. Ku NAPSA wantchito amadulidwa 5% kampani n'kuikapo 5%, ku NHIMA 1% mbali iliyonse. Chimene chimasokoneza kwambiri si masamu ayi, koma nambala ya NRC kapena TPIN yolembedwa molakwika munthu akamayamba ntchito: ndalama imadulidwa bwinobwino koma osafika pa dzina lake, ndipo zimadziwika patapita zaka. Choncho wantchito watsopano aliyense ndimayerekeza nambala zake ndi chiphaso chenichenicho ndisanamulowetse m'makina. Pa VAT, imene imatumizidwa pofika tsiku la 18 la mwezi wotsatira, ndimangothandizira kusonkhanitsa ma invoisi. Sindinaitumizepo ndekha, ndipo ndi bwino mudziwiretu zimenezi.

Ngati mungapeze kampata, ndithandizeni pa zitatu izi. Kodi ntchitoyi ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti, ndipo ngati ndi kontirakiti, ya miyezi ingati? Malipiro amene munalemba aja ndi asanadulidwe msonkho kapena ndi olowa m'thumba? Nanga masatifiketi mukufuna atatsimikiziridwa kale ndi ZAQA? Zimenezo zimatenga nthawi, ndiye ngati zikufunika ndiyambiretu sabata ino.

Ndaphatikiza CV ya masamba 2 mu PDF. Makope a NRC, satifiketi ya Giredi 12 ndi dipuloma ndawasunga kaye mpaka mundiuze kotumiza koyenera. Kumene ndikugwira panopa ndiyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo sindinawauze kuti ndikufuna ntchito kwina, chonde musawaimbire tisanakambirane.

Ndimakhala ku Chilenje. Foni ndimatha kuyankha bwino pakati pa 13:00 ndi 14:00 kapena ikakwana 17:00, pa nambala imene ili pa CV. Mukafuna kuti tionane ku ofesi kwanu, mungondiuziratu kutatsala tsiku limodzi kuti ndipemphe chilolezo.

Ngati malowa adzaza kale, mundiuzebe, ndipo CV yanga muisunge.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu,
Wofunsira ntchito wa ku Chilenje