Chifuwa cha a Nambewe

Chifuwa chinawayamba a Nambewe kumapeto kwa Meyi, nthawi imene chisanu cha ku Mzuzu chimalowa m'nyumba osaodira. Sichinali cha makhololo ayi. Chinali chouma, chokanda pakhosi ngati wameza gaga, ndipo chinkadikira kuti agone kaye. Akangotsamira pilo, khoso khoso mpaka tambala woyamba. Tadala, mdzukulu wawo amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Chiputula, ankangofunda bulangete kumutu, m'mawa n'kupita kusukulu maso ali psuu.

A Nambewe anabwera kumpoto kuno mu 1979 kuchokera ku Dedza, kutsatira amuna awo amene anapeza ntchito m'nkhalango ya paini ku Chikangawa. Amunawo anatisiya kalekale. Chitumbuka amachimva chonse, koma poyankha amayankha m'Chichewa, ndipo ogulitsa usipa mumsika amawadziwa bwino. Saugula usipa asanaununkhize. "Wachokera kuti, ku Nkhata Bay kapena ku Karonga? Wauma masiku angati? Nanga wapansiwu bwanji ukusiyana ndi wapamwamba?" Wogulitsa amachita kutuluka thukuta m'mwezi wa Juni. Tadala akagula tomato wofewa, mawu awo anali amodzimodzi: "Iwe, safunsa anadya phula."

Koma akafika kuchipatala, pakamwa pawo pankatsekeka. Ankakhala pa benchi kuyambira mbandakucha, buku lakuchipatala lili m'jumbo kuti lisanyowe, akaitanidwa ankalowa mowerama, kutambasula mkono kuti awayeze bipi, n'kuyankha kuti "eya" pa chilichonse. Anakula akudziwa kuti munthu wovala zoyera safunsidwa. Zaka zinayi anamwa kapilitsi kamodzi kokodzetsa kaja osadandaula. M'mwezi wa Epulo anawawonjezera ena, dzina lake enalapulo, poti bipi sinkatsika. Anawalandira ndi manja awiri, nathokoza.

Tsiku lina akuchokera kumsika, pafupi ndi depoti, anamva chimkuzamawu. Mnyamata wovala jekete yaikulu anali atayala mabotolo pa tebulo, madzi ake akuda ngati tiyi wa dzulo. Anawaona akutsokomola.

"Amama, takhalani pansi apa. Chifuwachi chayamba liti?"

Anawapatsa mpando wake. Anamvetsera zonse, za usiku, za pakhosi, za mdzukulu wosagona, osayang'ana wotchi, osalemba kanthu. A Nambewe anayankhula mphindi makumi awiri, zimene sanachitepo m'chipinda chilichonse cha dokotala.

"Mapilitsi akuchulukirani m'thupi, amama. Ichi n'chachilengedwe. Chimatsuka magazi, bipi, shuga, nyamakazi, zonse. Theka la kapu m'mawa, theka madzulo."

Botolo linali K8,000. Iwo amene amatha kutsutsana ndi wamasamba chifukwa cha K100 anamasula mfundo ya chitenje osanenerera. Usiku womwewo anakulunga mapilitsi m'kansalu n'kuwaponya pansi pa sutikesi, pamodzi ndi malaya a chigwirizano akale.

Ndipo chifuwa chinathadi. Patatha masabata awiri nyumba inali zii usiku wonse. Kudzukadzuka kopita panja nakonso kunachepa. A Nambewe ankamwa mankhwala awo owawa aja atatsinzina, n'kupukuta pakamwa monyadira. Anauzako amayi awiri a kumpingo. Tadala atafunsa za mapilitsi, anamuyankha kuti, "Ukundimva ndikutsokomola?" Mwanayo anasowa chonena. Iyenso anali atayamba kugona tulo.

Botolo lachitatu lili pakati, Loweruka lina la mu Ogasiti, anadzuka mutu ukuwawa kunkhongo ngati wina wawamanga chingwe. Anati n'chisanu. Anatenga lichero kuti asankhe nyemba pakhonde, koma nyemba zija zinayamba kuoneka ziwiriziwiri, miyala ndi nyemba osasiyana. Kenaka dontho lofiira linagwera m'lichero. Lina. Anagwira mphuno, dzanja lonse magazi.

Tadala sanafunse chilolezo. Anathamangira kumsewu, nabwera ndi galimoto ya aneba onyamula matabwa. Potuluka anatola buku lakuchipatala, ndipo atayima pang'ono pakhomo, anabwerera n'kutenganso botolo lija.

Amene anawalandira anali mayi wachitsikana, dokotala wamng'ono, wa magalasi. Anawayeza, anakhala chete, anawayezanso mkono winawo. Analemba 198/112. Anawauza kuti amwetulire, akweze manja onse, atchule dzina lawo ndi la mudzi wawo. Zonse zinatheka. Anawagoneka pa bedi, nawapatsa mankhwala, n'kumabwera kudzayeza mobwerezabwereza mpaka dzuwa litapendeka.

Madzulo anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo, buku lili pamiyendo.

"Agogo, tsiku lanu la mu Julaye simunabwere. Mapilitsi munasiya liti?"

A Nambewe anayang'ana kudenga. Tadala anatulutsa botolo m'jumbo n'kuliika pa kabati. Agogo ake anamuponyera diso loti tikaonana kunyumba.

Dokotalayo analitembenuza botololo. Pepala lomatapo linali ndi chithunzi cha tsamba ndi mndandanda wa matenda khumi ndi awiri, basi. Sanakalipe.

"Chinakusiyitsani n'chiyani?"

"Chifuwa," anatero motsitsa mawu. "Ichi chinandichiza."

"Chouma? Chokanda pakhosi, makamaka usiku?"

A Nambewe anatembenuka. "Mwadziwa bwanji?"

Dokotala anatsegula buku pa tsamba la Epulo n'kuloza ndi cholembera. "Mapilitsi awa, enalapulo, anthu ena amawatsokomoletsa choncho. N'zodziwika. Munthu akawasiya, chifuwa chimatha chokha pakapita masabata ochepa, kaya wamwa za m'botolo kaya sanamwe. Mukanatiuza, tikanangokusinthirani ena tsiku lomwelo."

"Tsiku lomwelo?"

"Lomwelo. Alipo amitundu ingapo."

Agogo anakhala chete nthawi yaitali. Tadala ankaona milomo yawo ikugwedera, ndipo anadziwa kuti akuwerengetsera: mabotolo atatu, K24,000, ndalama ya matumba a makala.

"Nanga bwanji sanandiuze?"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo iwo eni anadzidzimuka nawo. Dokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Anayenera kukuuzani. Pamenepo tinalakwa ndife. Pamzere pamakhala anthu ambiri, timathamanga, koma chimenecho si chifukwa. Inunso mukaona chachilendo, muzitiimitsa."

"Kumuimitsa dokotala?"

"Agogo," Tadala analowerera, "a usipa aja mumawaimitsa bwanji? Paja mumati safunsa anadya chiyani?"

"Iwe, khala chete. Wayamba mwano." Koma anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo, kenaka anagwira mutu poti unali ukuwawabe.

Anagona komweko usiku umodzi. Potuluka anawapatsa kokodzetsa kaja ndi ena atsopano, amulodipini. A Nambewe anawalandira ndi manja awiri monga mwa masiku onse, anayenda masitepe atatu, n'kuyima. Anabwerera pawindo.

"Pepani mwana wanga. Awanso ali ndi khalidwe lawo?"

Wopereka mankhwala anawauza kuti ena amatupa mapazi, makamaka m'mfundo umu, ndipo zikatero abwere adzanene, asasiye okha. Anafunsa ngati angamwe asanadye. Anafunsa kuti akaiwala tsiku limodzi amwe awiri mawa lake, anawayankha kuti ayi. Munthu wina kumbuyo anatsonya. Iwo anatembenuka n'kumuyang'ana mpaka anazolika.

Kunyumba Tadala anang'amba mapepala kumapeto kwa kope la masamu n'kuwasoka ndi ulusi. A Nambewe sukulu analekeza Sitandade 3, kulemba kumawatopetsa, ndiye ankanena, mwanayo n'kumalemba. Funso likabwera ali kuchigayo ankalisunga pomanga mfundo pa chitenje. Mafunso ena anali olemera: ngati bipi siimveka m'thupi, ndidziwa bwanji kuti yakwera? Mapilitsiwa ndidzamwa mpaka liti? Ena Tadala ankalemba akuseka chamumtima: kodi mchere wa mu usipa wouma nawonso ukuwerengedwa? Nanga chidulo?

Tsiku lawo la mu Seputembala anapeza dokotala wina, bambo wa imvi wooneka wotopa, amene anayamba kulemba iwo asanakhale n'komwe. Makina anaonetsa 146/88. Bamboyo anatseka buku n'kuwapatsira. A Nambewe sanalandire. Anatulutsa timapepala tawo, nakonza mpango kumutu.

"Adokotala, ndili ndi mafunso anayi. Awiri ndi aafupi."

Bamboyo anayang'ana kukhomo kumene kunali mzere, anawayang'ananso iwo, n'kuika cholembera pansi. Anawafotokozera kuti nambala yapamwamba akufuna itsike pansi pa 140, kuti bipi nthawi zambiri imakwera mwakachetechete ndipo choiwulula ndi makina okha, kuti mapilitsi amaigwira koma saichotsa. Za mchere anati achepetse ndithu, ndipo wowaza pa ndiwo zakupsa kale ausiye. Pa funso lachinayi, lakuti masamba a chammwamba angadye kapena ayi, anati monga ndiwo palibe vuto, koma chilichonse cha m'botolo abwere nacho kaye aone.

Pobwerera sanakwere kabaza. Anauza Tadala kuti adzere kudepoti.

Mnyamata wa jekete uja anali pomwe paja, mabotolo atachuluka. Atawaona anamwetulira n'kukoka mpando.

"Amama! Mwasowatu. Thupi lili bwanji?"

"Lilipo, bambo." Anakhala pansi bwinobwino, nanyamula botolo limodzi, kulipendeketsa padzuwa, kutsegula n'kununkhiza. "Tandiuzani, muli chiyani umu?"

"Zachilengedwe zokhazokha, amama."

"Nayenso fodya ndi wachilengedwe. Mitengo yake iti?"

"Muli nimu, muli adyo, jinja... zina ndi chinsinsi cha agogo anga."

"Mwaphika liti? Pakuti tsiku sindikuliona apa. Ndipo theka la kapu mumanena lija, kapu yake iti, yanga yachitsulo kapena ya tiyi?"

Amayi awiri amene anali atatulutsa kale ndalama anayima kaye, makutu ali tcheru. Mnyamatayo anatsitsa chimkuzamawu.

"Inu munandimvetsera bwino tsiku lija, sindiiwala," anapitiriza a Nambewe. "Ndiye ndimvereninso. Munthu akamwa ichi bipi yake n'kukwera, magazi n'kutuluka m'mphuno, mumafuna azikupezani kuti? Pano, kapena muli ndi kwina?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu, nayang'ana Tadala ngati angamuthandize. Tadala anali atatsegula kale timapepala tija, cholembera chili m'manja.

"Musafulumire, bambo," anatero agogo, akukonza chitenje pamaondo. "Minibasi za ku Chiputula sizitha. Iwe Tadala, lemba. Wati nimu, adyo, ndi chiyani china?"